Momwe mungawerengere mtengo wa mpamba wa kampani yomwe ili ndi ngongole komanso ndalama za eni ake

Kampani iliyonse yomwe yakula pang'ono imayenda ndi ndalama zochokera mbali ziwiri, zina zokongola ku banki kapena kwa obwereketsa ena, ndipo zina ndi za eni ake, kaya anaziika pachiyambi kapena ndi phindu la zaka zammbuyo lomwe sanagawane. Mtengo wa ngongole aliyense amauona chifukwa umalembedwa pa kalata ya banki ndipo umadulidwa mwezi ndi mwezi, koma mtengo wa ndalama za eni sulembedwa paliponse, n'chifukwa chake amalonda ambiri amaziona ngati zaulere, chikhalirecho ndizo zodula kuposa ngongoleyo. Nambala yomwe owerengera ndalama amailemba kuti WACC imaphatikiza mitengo iwiriyi molingana ndi kukula kwa mbali iliyonse, ndipo imakuuzani phindu lochepetsetsa lomwe ntchito ya kampani iyenera kubweretsa kuti banki ndi eni onse alandire zomwe akuyembekezera.

Tiyenda nayo nkhaniyi pogwiritsa ntchito kampani yongoyerekeza ya ku Chipata, yomwe ili ndi malole onyamula mtedza, soya ndi chimanga kuchokera ku Lundazi ndi ku Katete kupita nazo ku Lusaka, n'kubwerera ndi simenti ndi feteleza. Manambala onse a kampaniyi, kuphatikizapo chiwongoladzanja, ndi achitsanzo chabe, ndipo inu muikepo anu. Masamu ake ndi awa:

```
WACC = (E/V) × Re + (D/V) × Rd × (1 − T)
V = E + D
```

Apa E ndi ndalama za eni, D ndi ngongole, V ndi ziwirizi pamodzi, Re ndi phindu lomwe eni amayembekezera, Rd ndi chiwongoladzanja cha ngongole, ndipo T ndi msonkho wa pa phindu la kampani. Ganizo lake silosiyana ndi la wogula mtedza yemwe wagula matumba 6 pa mtengo wina ndi matumba 4 pa mtengo wina: pofuna kudziwa mtengo wa thumba limodzi sangophatikiza mitengo iwiriyo n'kugawa pakati, koma amaupatsa mphamvu yochulukirapo mtengo womwe wagulira matumba ambiri.

Gawo loyamba: sonkhanitsani ngongole zonse zokhala ndi chiwongoladzanja

Lembani ngongole iliyonse yomwe kampani imalipirapo chiwongoladzanja, ndalama yomwe yatsala kubwezedwa, ndi chiwongoladzanja chake pa chaka. Kampani yathu ili ndi ngongole ya ku banki yotsala K3,000,000 pa 25 peresenti, komanso ngongole yogulira malole yotsala K1,000,000 pa 21 peresenti, yomwe ndi yotsikirapo chifukwa malolewo ndiwo chikole. Zonse pamodzi ndi K4,000,000. Chiwongoladzanja cha yoyamba ndi K750,000 pa chaka, cha yachiwiri ndi K210,000, ndipo mukaphatikiza mupeza K960,000, yomwe ndi 24 peresenti ya K4,000,000. Imeneyi ndiyo Rd.

Ndalama zomwe kampani sinalipire kwa ogulitsa dizilo kapena matayala, zomwe amadikira masiku 30 popanda chiwongoladzanja, musaziike pano, chifukwa zimenezo ndi gawo la kayendedwe ka malonda a tsiku ndi tsiku. Koma ovadilafuti yomwe chaka chonse sichoka pa akaunti yasanduka ngongole yokhazikika ngakhale dzina lake likunena zina, ndipo iyenera kulowa. Samalaninso kuti chiwongoladzanja chomwe mukufuna ndi chomwe banki ingakuuzeni lero mutapita kukakongola, osati chomwe munagwirizana zaka zinayi zapitazo, popeza WACC imagwiritsidwa ntchito posankha zochita za mtsogolo. Ngati ngongole yanu imasintha motsatira chiwongoladzanja chomwe Banki Yaikulu ya Zambia imalengeza, nambala ya pa sitetimenti ya mwezi uno ndi yokwanira, bola muonjezepo ndalama zomwe banki imadula popereka ngongole, chifukwa munthu yemwe wasainira K1,000,000 n'kulandira K970,000 akulipira chiwongoladzanja pa ndalama yomwe sanaigwire.

Gawo lachiwiri: chotsani gawo lomwe msonkho umakubwezerani

Chiwongoladzanja chimachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe, pomwe ndalama zomwe eni amagawana zimachokera pa phindu lomwe ladulidwa kale msonkho. Kusiyana kumeneku ndiko kumabweretsa (1 − T) m'masamu aja. Ku Zambia msonkho wa makampani ambiri unatsika kuchoka pa 35 kufika pa 30 peresenti m'chaka cha 2022, choncho pa K960,000 yomwe kampani yathu imapereka kwa obwereketsa, msonkho wopita ku ZRA umatsika ndi K288,000, ndipo yomwe imatulukadi m'thumba ndi K672,000. Mwa njira ina, 24 × 0.7 ndi 16.8 peresenti, ndipo uwu ndiwo mtengo weniweni wa ngongole.

Pano pali malire omwe anthu amawalumpha. Kampani yomwe sinapange phindu ilibe msonkho woti uchepetsedwe chaka chimenecho, ndiye phindu la (1 − T) limachedwa mpaka pomwe idzayambe kupindula. Bizinesi yaing'ono yomwe imalipira msonkho wa pa ndalama zonse zomwe yagulitsa, osati pa phindu, siipeza mwayi umenewu n'komwe, ndipo iyenera kuika T pa 0. Kampani yathu ikanakhala yotero, ngongole yake ikanakhalabe pa 24 peresenti. Kuyambira 2019 malamulo a msonkho ku Zambia amaikanso malire pa chiwongoladzanja chomwe chingachotsedwe, pa 30 peresenti ya phindu lowerengedwa musanachotse chiwongoladzanja, msonkho ndi kutha kwa katundu, kotero kampani yodzaza ndi ngongole ikhoza kupeza kuti gawo lina la chiwongoladzanja chake silikuchepetsa msonkho wa chaka chimenecho. Ndipo popeza kuno kummawa makampani ambiri ndi a ulimi, dziwani kuti phindu la ulimi limadulidwa msonkho wa 10 peresenti, zomwe zikutanthauza kuti ngongole ya 24 peresenti imangotsika kufika pa 21.6 peresenti. Msonkho wochepa ndi wabwino kwa mlimi, koma umachititsa kuti kukongola kusamupindulire monga momwe kumapindulira mwini malole.

Gawo lachitatu: pezani phindu lomwe eni ayenera kuyembekezera

Ili ndilo gawo lovuta, ndipo m'pomwe mikangano yambiri imabukira, chifukwa palibe kalata yomwe mungatsegule n'kuwerengapo nambalayo. Poyambira pake ndi funso ili: mwini kampaniyi akanatenga ndalama zake n'kuziika pamalo pomwe palibe ntchito kapena nkhawa ya malole ogwa pa mapiri a ku Luangwa, akanapeza zingati? Malo oterowo m'makwacha ndi mabondi a boma, mapepala omwe mumagula pokongoza boma ndalama, omwe amagulitsidwa kudzera ku Banki Yaikulu ya Zambia, ndipo phindu lawo limalengezedwa poyera nthawi iliyonse akagulitsidwa. Tengani bondi ya zaka zofanana ndi kutalika kwa ntchito yomwe mukuiganizira, monga ya zaka 10, osati pepala la boma la masiku 91. M'chitsanzo chathu tinene kuti bondiyo ikupereka 20 peresenti.

Palibe munthu woganiza bwino yemwe angasiye 20 peresenti ya boma n'kukalandira 20 peresenti yomweyo pa malole, popeza mwini kampani ndiye womalizira kulandira: antchito, ogulitsa dizilo, banki ndi ZRA onse amatenga zawo iye asanaone kanthu, ndipo kampani ikagwa, banki imagulitsa chikole pomwe iye amatsala chimanjamanja. Ayenera kuonjezeredwa kanthu pamwamba chifukwa cha chiopsezo chimenechi. Njira yodziwika yowerengera choonjezeracho, yomwe inakhazikitsidwa ndi William Sharpe ndi akatswiri anzake m'zaka za m'ma 1960, ndi iyi:

```
Re = Rf + β × (Rm − Rf)
```

Rf ndi phindu la bondi lija, (Rm − Rf) ndi choonjezera chomwe anthu amafuna kuti aike ndalama m'masheya a makampani onse pamodzi m'malo mwa mabondi, ndipo β, yomwe imatchedwa beta, imaonetsa ngati phindu la kampani yanu limagwedezeka kwambiri kapena pang'ono poyerekeza ndi msika wonse. Beta ya 1 ikutanthauza kuti kampani imayenda limodzi ndi msika. Yoposa 1 ikutanthauza kuti zinthu zikavuta m'dziko iyo imavutika mopitirira. Makampani omwe ali pa msika wa masheya wa ku Lusaka ndi ochepa, ndipo masheya a ambiri mwa iwo amatha masiku osagulidwa kapena kugulitsidwa, choncho beta yowerengedwa kuchokera kumeneko imatuluka yotsika mopusitsa. Chomwe owerengera ndalama amachita ndi kutenga beta ya makampani a ntchito yofanana pa misika ikuluikulu, n'kuisintha molingana ndi kuchuluka kwa ngongole ya kampani yawo. Tinene kuti pa malole tapeza 1.2, ndipo choonjezera cha msika taika 5 peresenti. Zikatero 20 + 1.2 × 5 ndi 26 peresenti.

Nambala imeneyi ndi ya kampani yaikulu yomwe sheya yake mungaigulitse mawa lomwe. Kampani ya banja ya ku Chipata, yomwe makasitomala ake akuluakulu ndi atatu ndipo gawo lake simungaligulitse msanga, ili ndi chiopsezo china, ndipo ambiri amaonjeza kenakake pamwamba. Ife tionjeza 4 peresenti kuti Re ikhale 30 peresenti. Kunena zoona, 4 ameneyu ndi chiganizo cha munthu osati chotuluka m'masamu, ndipo n'koyenera kulemba pambali chifukwa chomwe mwamusankhira kuti wina wowerenga pambuyo panu athe kutsutsa. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuonjezanso nambala ina ya chiopsezo cha dziko pamwamba pa bondi ya makwacha, chifukwa phindu la bondiyo lanyamula kale kukwera kwa mitengo ya zinthu komanso mantha omwe obwereketsa ali nawo pa boma, makamaka chichokereni Novembala 2020 pomwe Zambia inalephera kulipira ngongole zake za mabondi akunja. Kuonjezanso n'kuwerenga chinthu chimodzi kawiri.

Musanapitirire, yesani nambala yanu motere: Re iyenera kukhala pamwamba pa Rd musanachotse msonkho. Ngati mwapeza kuti eni akuyembekezera 22 peresenti pomwe banki yokhala ndi chikole ikutenga 24, pali pomwe mwalakwitsa.

Gawo lachinayi: yezani kukula kwa mbali iliyonse

Ngongole tikuidziwa, ndi K4,000,000. Pa ndalama za eni mabuku a kampani akuonetsa K4,000,000, koma nambala ya m'mabuku imanena za mtengo womwe zinthu zinagulidwira kale, osati womwe zingagulidwire lero. Malo a galaja omwe anagulidwa zaka 15 zapitazo m'mbali mwa msewu wopita ku Mwami akadali m'mabuku pa mtengo wakalewo. Chomwe mukufuna ndi ndalama yomwe munthu wofuna kugula kampani yonse angapatse eni atavomera kusenza ngongole zake. Pa kampani ya pa msika wa masheya mumangochulukitsa mtengo wa sheya imodzi ndi chiwerengero cha masheya, koma pa kampani ngati yathuyi muyenera kufunsa woyesa mitengo ya malo ndi katundu, kapena kuyerekeza ndi mtengo womwe bizinesi yofanana nayo inagulitsidwira. Tinene kuti tapeza K6,000,000. Zikatero V ndi K10,000,000, gawo la eni ndi 60 peresenti, ndipo la ngongole ndi 40 peresenti.

Gawo lachisanu: phatikizani

```
WACC = 0.6 × 30 + 0.4 × 24 × (1 − 0.3)
     = 18 + 6.72
     = 24.72
```

Kuti mutsimikize, bwezerani nambalayi m'makwacha. Eni akuyembekezera 30 peresenti ya K6,000,000, yomwe ndi K1,800,000, ngongole imadya K672,000 msonkho utabwezedwa, ndipo ziwirizi pamodzi ndi K2,472,000, yomwe ndi 24.72 peresenti ya K10,000,000. Kampani ikapeza phindu lochepera apa pa chaka isanalipire chiwongoladzanja, mabuku akhoza kuonetsabe phindu, banki n'kulandira zake bwinobwino, koma eni akhala atalandira zochepa kuposa zoyenera chiopsezo chomwe asenza. Tikanagwiritsa ntchito nambala ya m'mabuku ija, mbali ziwirizi zikanakhala zofanana ndipo WACC ikanatsika kufika pa 23.4 peresenti, zomwe zikanachititsa kuti ntchito zina zosapindulitsa zioneke ngati zadutsa.

Polemba lipoti ndi bwino kunena kuti pafupifupi 25 peresenti, chifukwa nambala yomwe mkati mwake muli beta yongoyerekeza siyenera kudzionetsa ngati yolondola mpaka kachigawo kachiwiri.

Kugwiritsa ntchito nambalayi posankha ntchito yatsopano

Tinene kuti kampani ikufuna kumanga nyumba yosungiramo mbewu za makasitomala ake pa mtengo wa K2,000,000, ndipo mwawerengera kuti idzabweretsa K440,000 pa chaka mutachotsa zolipira zonse, msonkho ndi ndalama zokonzera, koma musanachotse chiwongoladzanja. Phindu limenelo ndi 22 peresenti. Banki yavomera kupereka ndalama yonse pa 25 peresenti, yomwe ikachotsedwa msonkho ndi 17.5 peresenti, ndipo mkulu wa kampani akhoza kunena kuti 22 yaposa 17.5, choncho timange. Kuganiza kumeneku n'kofala, koma n'kolakwika. Banki yavomera kupereka ndalama yonse chifukwa ikudalira malole, malo ndi ndalama za eni zomwe zilipo kale, ndiye kuti nyumbayo ikudya mpata wokongola womwe kampani yonse inali nawo, ndipo ntchito yotsatira idzafunika kulipiridwa ndi eni. Muyeso woyenera ndi WACC: 24.72 peresenti ya K2,000,000 ndi K494,400, ndipo nyumbayo ikuperewera ndi K54,400 chaka chilichonse. Yankho likhale kutsitsa mtengo womangira, kukweza lendi, kapena kuisiya ntchitoyo.

Onetsetsani kuti pa K440,000 simunachotsepo chiwongoladzanja, chifukwa WACC yachiwerengera kale, ndipo kuchichotsanso n'kuilanga ntchitoyo kawiri. Kumbukiraninso kuti 24.72 ndi ya ntchito zofanana ndi zomwe kampani ikuchita kale. Ikafuna kuyamba kugula soya kwa alimi n'kumasunga podikira kuti mtengo ukwere, imeneyo ndi ntchito ya chiopsezo china, ndipo gawo lachitatu liyenera kuwerengedwanso ndi beta ina.

Chifukwa chake kuchulukitsa ngongole sikutsitsa WACC mpaka kalekale

Woona kuti ngongole ikudya 16.8 pomwe eni akufuna 30 amafulumira kuganiza kuti njira yotsitsira WACC ndi kukongola zambiri. Mukangotembenuza magawo kuti ngongole ikhale 60 peresenti ndi eni 40, osasintha china chilichonse, mupeza 22.08, ndipo zimaoneka ngati mwapulumutsa ndalama. Vuto ndi lakuti mitengo iwiri ija siikhala pomwe inali. Franco Modigliani ndi Merton Miller anaonetsa mu 1958 kuti pakanapanda msonkho ndi zovuta za kugwa kwa kampani, kuchulukitsa ngongole sikukanasintha WACC ngakhale pang'ono, chifukwa phindu lomwe eni amafuna limakwera mokwanira kufafaniza kutsika mtengo kwa ngongoleyo. Mu 1963 anaonjeza kuti msonkho umapatsadi ngongole mwayi, koma mwayi wake ndi wa msonkho wokhawo.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona pa malole. Chaka cha mvula yochepa mbewu zonyamula zimachepa, ndalama zolowa zimatsika, koma banki imadulabe ndalama yomweyo mwezi uliwonse, ndipo kuchepa konseko kumagwera eni. Ngongole ikachuluka, chotsalira eni chimagwedezeka kwambiri, ndipo beta imakwera motere:

```
βL = βU × (1 + (1 − T) × D/E)
```

βU ndi beta ya kampani yopanda ngongole, pomwe βL ndi ya kampani yomweyo itasenza ngongole. Beta yathu ya 1.2 inali pa ngongole ya 40 peresenti, ndipo mukaibwezera mmbuyo mupeza kuti βU ndi pafupifupi 0.82. Pa ngongole ya 60 peresenti D/E ndi 1.5, βL imafika pafupifupi 1.68, ndipo Re imakwera kufika pa 32.4 peresenti. Nayo banki, poona kuti chikole chachepa poyerekeza ndi ngongole, siperekanso pa 24. Tinene kuti yaika 28, yomwe ikachotsedwa msonkho ndi 19.6. Mukawerenganso, 0.4 × 32.4 kuphatikiza 0.6 × 19.6 ndi pafupifupi 24.7, pomwe tinali paja, kungoti tsopano kampani ili pafupi ndi kulandidwa malole nyengo ikaipa, komanso pafupi ndi malire a msonkho a 30 peresenti aja.

Ngongole ya madola imapusitsa mofananamo. Chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa madola sichingalowe m'masamu omwe manambala ena onse ndi a makwacha, pokhapokha mutachisintha kaye. Ngati mukuyembekezera kuti dola idzakwera ndi 15 peresenti pa chaka poyerekeza ndi kwacha, mtengo wa ngongoleyo m'makwacha ndi 1.10 × 1.15 − 1, yomwe ndi 26.5 peresenti, kuposa ngongole ya ku banki ija. Kampani yomwe imalipidwa m'madola ponyamula katundu wodutsa pa Mwami kupita ku Lilongwe ikhoza kuwerengera gawo limenelo m'madola kuyambira pa Rf mpaka pa phindu la ntchitoyo, koma yomwe makasitomala ake onse amalipira makwacha iyenera kulemba 26.5 pa mzere wa ngongoleyo m'gawo loyamba, n'kuwerenganso Rd kuchokera pamenepo.